Mzere umodzi umene umakonza chithunzi cha kuwala

Ikani supuni mu tambula ya madzi, muiyang'ane cham'mbali. Ioneka ngati yathyoka pamene yalowera m'madzimo, chonsecho ndi yowongoka bwinobwino. Chimene chakhota ndi kuwala kochokera ku supuniyo kubwera m'maso mwanu. Ana asukulu akamaphunzira fizikisi ku sekondale amapatsidwa ntchito yojambula njira imene kuwala kumadutsa, ndipo ambiri amalephera pa chinthu chimodzi chokha: sadziwa poyambira kuyeza ngodya.

Kuwala kumayenda mowongoka, n'chifukwa chake timakujambula ndi rula ndi pensulo yosongoka, n'kuika kamuvi kosonyeza kumene kukulowera. Kukagunda kalilole kumabwerera. Kukachoka mumpweya kulowa m'madzi kapena m'galasi kumakhota. Pa zonse ziwirizi, ntchito yoyamba ndi kupeza malo enieni amene kuwala kwagunda, n'kujambulapo mzere wamadontho woima chilili pa madigiri 90 ndi nkhope ya kalilole kapena galasiyo. M'kalasi mzerewu amautchula kuti nomo. Ngodya iliyonse imayezedwa kuchokera pa mzere umenewu, osati pa nkhope ya galasi.

Pa kalilole lamulo lake ndi lalifupi: ngodya yofikira imafanana ndi ngodya yobwererera. Kuwala kukafika pa madigiri 60 kuchokera pa nomo, kumachokanso pa madigiri 60 kutsidya lina la nomoyo.

Kukhota kumabwera chifukwa cha liwiro. Mumpweya kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 225,000, ndipo m'galasi wamba pafupifupi 200,000. Mukagawa liwiro la mumpweya ndi la m'galasi mupeza 1.5, ndipo nambala imeneyi imalembedwa ndi chilembo n. Ya madzi ndi 1.33. Kuwala kukalowa chopendekera m'chinthu chimene kumayendamo pang'onopang'ono, kumakhotera ku nomo. Kukatuluka kubwerera mumpweya, kumatalikirana ndi nomo. Katswiri wa ku Baghdad, Ibn Sahl, adalongosola lamulo la kukhotaku cha m'ma 984, ndipo Willebrord Snell wa ku Netherlands adalipezanso mu 1621. Kwa kuwala kochoka mumpweya limalembedwa motere: n = sin i / sin r, pamene i ndi ngodya yofikira ndipo r ndi ngodya ya mkati mwa galasi.

Tiyeni titenge funso limene limakola ambiri. Kuwala kwafika pa njerwa yagalasi ndipo kwapanga madigiri 30 ndi nkhope ya galasilo. Pezani njira yake. Wophunzira wopupuluma amalemba kuti i ndi 30. Koma 30 ameneyu wayezedwa kuchokera pa galasi, choncho ngodya yofunika ndi 90 kuchotsa 30, imene ndi 60. Tsopano sin 60 ndi 0.866, ndipo mukagawa ndi 1.5 mupeza 0.577. Ngodya imene sin yake ndi 0.577 ndi madigiri 35. Amene anayamba ndi 30 apeza 19, ndipo chithunzi chake chonse chilakwika ngakhale masamu ake ali bwino.

Pojambula, yambani ndi njerwa ya mbali zinayi. Sankhani kadontho pa mbali yapamwamba, mudutsitsepo nomo yolowa mpaka mkati mwa njerwa. Ikani pakati pa pulotilakita pa kadonthoko, ziro wake agone pa nomo, muyeze 60 kunja. Kenako muyeze 35 mkati, kutsidya lina la nomo, n'kukoka mzere mpaka pa mbali yapansi. Pamenepo jambulani nomo yachiwiri. Popeza mbali ziwirizi ndi zolingana, kuwala kufika pa nomoyi pa madigiri 35 n'kutuluka pa 60, monga kunalowera.

Chithunzicho chimadziulula chokha ngati chalakwika. Mzere wotuluka uyenera kulowera mbali imodzimodzi ndi wolowa, kungoti wasunthira pambali pang'ono. Mukaitalikitsa n'kuona kuti ikukumana, bwererani ku pulotilakita. Ngodya ya mkati mwa galasi ikaposa ya mumpweya, ndiye kuti mwatembenuza kugawa kuja. Yankho likabwera lachilendo, yang'anani kakyuleta ngati ikuonetsa D kapena DEG, chifukwa ikakhala pa R kapena RAD siwerenga madigiri.

Pali malire ake. Kuwala kofika motsatira nomo sikukhota konse. Ndipo kuwala kochokera mkati mwa galasi kukafika pa nkhope pa ngodya yoposa madigiri 42, sikutulukanso, konse kumabwerera mkati ngati kwagunda kalilole. M'madzi malirewo ndi madigiri pafupifupi 49.

Inu makolo amene mumaona ntchito ya ana madzulo, simukufunika kudziwa masamu onsewa. Funsani mwanayo akulozereni nomo, akuuzeninso kumene wayambira kuyeza ngodya iliyonse. Ngati nomo palibe, afufute ayambirenso.