Mtengo wakwera, koma agula ndi angati?

Pamsika wa chimanga, munthu mmodzi wofulumira akagula ndowa imodzi pamtengo wokwera chifukwa minibasi ikumusiya, palibe mlimi wanzeru amene amathamangira kunyumba kukauza mkazi wake kuti chimanga chakwera. Amayamba wakhala kaye pansi, n'kuona ngati mavenda a matumba 50 nawonso akulipira mtengo umenewo. Nzeru yomweyi ndi imene imafunika pamsika wa masheya, koma anthu ambiri amaitaya akangoona manambala papepala.

Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre umatulutsa lipoti la malonda a tsiku lililonse. Maso a ambiri amathamangira pamtengo: dzulo unali wakuti, lero wafika pakuti. Koma pambali pake pamakhala danga lolembedwa kuti Volume, ndipo nambala ya m'dangamo ndi chiwerengero cha masheya amene achoka m'manja mwa wogulitsa kupita kwa wogula tsikulo. Mtengo umakuuzani zimene anagwirizana anthu amene anachita malonda. Chiwerengerochi chimakuuzani kukula kwa malondawo, ngati inali ndowa kapena lole yodzaza.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa msika wathu ndi waung'ono, ndipo masheya ambiri sayenda. Airtel Malawi italowa pamsikawu mu February 2020, anthu anagulitsidwa masheya 20 pa 100 alionse, otsalawo anakhalabe m'manja mwa kampani yaikulu. Masheya ambiri a makampani ena ali ndi mabungwe osunga ndalama za penshoni ndi a inshuwalansi, amene amagula n'kusunga zaka zambiri. Choncho otsala oti azigulitsidwa tsiku ndi tsiku ndi ochepa, ndipo pali masiku amene masheya a kampani ina sagulidwa n'komwe. Pamadzi osaya chotere, ngakhale kamwala kakang'ono kamavundula dziwe lonse.

Tiyeni tiyerekeze ndi kampani yongopeka, kuti masamu aoneke bwino. Ili ndi masheya 1 biliyoni, ndipo iliyonse ikugulidwa pa K100. Lachiwiri munthu wina akugula masheya 2,000 pa K110. Watulutsa K220,000 yokha, ndalama yosakwana kugula njinga yamoto. Koma ngati malonda akewo ndi amene akhazikitsa mtengo wa tsikulo, sheya iliyonse ya kampaniyo iwerengedwa pa K110, ndipo papepala kampaniyo yalemera ndi K10 biliyoni m'tsiku limodzi.

Inu muli ndi masheya 50,000 a kampaniyi. Mukuwerengera, mukupeza K5,500,000, ndipo mukuimbira buloka wanu kuti agulitse onse, poti fizi ya mwana ikudikira. Buloka akuyang'ana mndandanda wa ofuna kugula. Wa K110 uja anagula kale n'kupita. Alipo wina wofuna masheya 5,000 pa K104, wina 10,000 pa K100, ndipo 35,000 otsalawo angatengedwe ndi amene akupereka K95. Mukaphatikiza zonse mupeza K4,845,000, musanachotse ya buloka. Ndalama yokwana K655,000 imene munaiwerengera kale sinakhalepo m'thumba la wina aliyense. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri ndikaganiza za anthu amene amakatenga ngongole podalira mtengo wa papepala.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti chiwerengero cha lero n'chachikulu kapena chaching'ono? Nambala payokha siyankhula. Masheya 100,000 ndi ochuluka kwa kampani ina, kwa inzake ndi dontho. Muyerekeze kampani ndi mbiri yake yomwe. Tengani malipoti a masiku 20 a malonda apitawa, omwe ndi pafupifupi mwezi umodzi, phatikizani masheya onse amene anagulitsidwa, kuphatikizapo masiku amene panalibe malonda, kenako gawani ndi 20. Tinene kuti kampani yathu ija yapezeka kuti imagulitsa masheya 300,000 patsiku. Ndiye kuti 2,000 a Lachiwiri aja sanafike ngakhale gawo limodzi pa 100 la malonda a tsiku wamba, ndipo K110 sitingaikhulupirire msanga. Koma mtengo womwewo ukanabwera ndi masheya 900,000, kuwirikiza katatu, makamaka kampani itangolengeza phindu lake la pachaka, tikanati anthu ambiri aikapo ndalama zawo zenizeni.

Musaweruze ndi tsiku limodzi. Dikirani Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu. Ngati malonda akupitirira kuchuluka ndipo mtengo ukukhazikika pa K110 kapena kuposa, mtengowo wamera mizu. Ngati ukukwerabe koma chiwerengero chikucheperachepera tsiku ndi tsiku, ogula akutha, ndipo wogulitsa mmodzi wamkulu akhoza kuubweza pansi. Mtengo ukatsika muyeso ndi womwewu: munthu mmodzi wopanikizika ndi maliro akagulitsa masheya 500 motchipa, si chifukwa choti nanunso mutaye anu.

Pali msampha umodzi umene umakola ngakhale ozolowera. Tsiku lina mudzaona masheya 20 miliyoni agulitsidwa, n'kuganiza kuti msika wonse wadzuka. Funsani buloka kuti malondawo anachitika kangati. Mwina ndi bungwe limodzi la penshoni limene lagulitsa kwa linzake, atagwirizana mtengo awiriwiri. Malonda amodzi aakulu sali ngati malonda 200 a anthu osadziwana, aliyense ataganiza payekha. Ndi bwinonso kuyang'ana ndalama zimene zayenda, chifukwa masheya miliyoni imodzi a K2 ndi ochepa mphamvu poyerekeza ndi masheya 10,000 a K2,000.

Muyesowu uli ndi malire ake, ndipo chitsanzo chake chomveka chinachitika ku America mu January 2021. Masheya a GameStop, kampani yogulitsa masewero a pakompyuta, anayamba mweziwo ali pansi pa madola 20. Anthu wamba ambirimbiri anamemezana kugula, ndipo amene anabwereka masheya n'kuwagulitsa poyembekeza kuti atsika anakakamizika kuwagulanso mtengo utakwera. Pa 22 January masheya pafupifupi 197 miliyoni anagulitsidwa m'tsiku limodzi, pomwe kampani yonse inali ndi masheya pafupifupi 70 miliyoni. Ndiye kuti masheya omwewo ankadutsa m'manja ambiri dzuwa lisanalowe. Pa 28 January mtengo unakhudza madola 483. Palibe akanati malonda anali ochepa, ndipo amene ankafuna kugulitsa masiku amenewo ankapeza ogula. Komabe February asanathe mtengo unatsika mpaka pafupifupi madola 40, chifukwa bizinesi ya kampaniyo inali isanasinthe m'masabata ochepawo.

Apa pali mafunso awiri osiyana amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi lakuti, kodi mtengo uwu ndingagulitsirepodi katundu wanga lero? Limeneli chiwerengero cha malonda chimaliyankha bwino. Lachiwiri ndi lakuti, kodi kampaniyi ndi yoyenera mtengo umenewu? Yankho lake lili m'lipoti la pachaka la kampaniyo, m'phindu limene yapeza, m'ngongole zake ndi m'gawo la phindu limene imapereka kwa eni masheya.

Choncho mukadzaimbira buloka, musanamuuze kuti agule kapena agulitse, mufunseni kuti ofuna kugula alipo angati pamndandanda, akufuna masheya angati, ndipo pamtengo wanji. Ngati anu ndi ochuluka kuposa amene amagulitsidwa patsiku wamba, muuzeni mtengo wotsikitsitsa umene mungalole, ndipo agulitse pang'onopang'ono kwa masiku angapo.