Mphatso Imene Inaziziritsa Ana Okonda Kujambula

Mu 1973, akatswiri atatu a za maganizo a anthu, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita pa sukulu ya mkaka ya Bing, ya yunivesite ya Stanford ku America. Ankafuna kudziwa chimene chimachitika mukalonjeza mwana mphatso pa chinthu chimene amachikonda kale.

Poyamba anaika mapepala ndi zolembera zamitundumitundu patebulo m'kalasi, iwo n'kukhala kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi, kumene ana sankawaona. Anasankha ana a zaka 3 mpaka 5 amene ankapita okha kukajambula popanda wowatuma. Kenako ankaitana mwana mmodzimmodzi m'chipinda china kuti ajambule kwa mphindi 6. Ana a gulu loyamba anawaonetseratu chikalata chokhala ndi nyenyezi yagolide ndi riboni yofiira, n'kuwauza kuti akajambula achilandira. A gulu lachiwiri analandira chikalata chomwecho atamaliza, koma modzidzimukira. A gulu lachitatu sanalonjezedwe kanthu ndipo sanalandire kanthu.

Patapita sabata imodzi kapena ziwiri, zolembera zija zinabwezedwa m'kalasi pakati pa zoseweretsa zina, popanda wotchulanso za mphatso. Ana amene analonjezedwa chikalata anajambula pafupifupi theka lokha la nthawi imene anzawo a magulu awiri aja anajambula. Ngakhale zithunzi zimene anajambula m'chipinda muja akudikira mphatso, oziona amene sankadziwa gulu la mwana aliyense anati zinali zotsikirapo poyerekeza ndi za anzawo.

Gulu lachiwiri lija ndi limene lili ndi phunziro lalikulu. Ana amenewa chikalata analandira, koma chidwi chawo sichinatsike. Choncho chimene chinawononga si mphatso yeniyeniyo, koma pangano lakuti "chita ichi kuti ulandire ichi". Munthu amachita chinthu mwina chifukwa chikumukomera chokha, ndiye kuti chomukankha chili mumtima mwake, kapena chifukwa cha malipiro, malikisi ndi kuopa chilango, zomwe ndi zochokera kunja. Mwana wokonda kujambula akalonjezedwa mphatso, chifukwa chake chimasintha: amayamba kudziona ngati wojambulira chikalata. Masewera asanduka ganyu, ndipo ganyu amatha malipiro akatha.

Edward Deci anali ataona zofanana mu 1971 kwa ophunzira a pakoleji amene ankalumikiza tizidutswa ta masewera otchedwa Soma. Ena anawalipira dola imodzi pa chilichonse chimene analumikiza bwino, ndipo malipiro atasiya, nthawi yomwe ankasewera mwa kufuna kwawo inachepa. Iye ndi mnzake Richard Ryan anafotokoza pambuyo pake kuti chidwi chimakula munthu akamamva kuti akuchita mwaufulu komanso kuti akukhoza. Mphatso yolonjezedwa imamulanda ufulu umenewo, chifukwa wogwira mphatsoyo ndi amene akumuyendetsa.

Komabe nkhaniyi ili ndi malire, ndipo akatswiri ena, monga Judy Cameron ndi David Pierce, anatsutsa kuti vutoli likukokomezedwa. Mu 1999 Deci, Ryan ndi Richard Koestner anaunika kafukufuku wosiyanasiyana wokwana 128, ndipo anapeza kuti mphatso zogwirika zolonjezedweratu zimatsitsadi chidwi pa ntchito yosangalatsa, makamaka kwa ana. Mphatso yodzidzimutsa sinkawononga, ndipo mawu oyamikira nthawi zambiri ankakweza chidwi. Pa ntchito imene mwana alibe nayo chidwi kuyambira pachiyambi, monga kuloweza matebulo a masamu, palibe chambiri choti chiwonongeke, ndipo kamphatso kangamuthandize kuyamba. Ine ndimaona kuti cholakwa chimene makolo ndi aphunzitsi timachita kawirikawiri n'kusayamba taona ngati mwanayo akuikonda kale ntchitoyo.

Taganizirani mtsikana amene amawerenga nthano madzulo popanda womuuza, ndiye bambo ake, pofuna kumulimbikitsa, akumulonjeza ndalama pa buku lililonse limene amalize. Zizindikiro zoti zinthu zasokonekera sizivuta kuona. Amayamba kusankha mabuku opyapyala, amathamangira tsamba lomaliza, amafunsa kuti "ndikawerenga ili mundipatsa zingati?", ndipo mwezi umene bambo alibe ndalama buku silitsegulidwa. Ndalama yomweyo ikanagwira ntchito bwino bamboyo akanangomugulira buku lina limene mwanayo wasankha yekha, n'kumufunsa kuti nthanoyo inatha bwanji. Ngakhale poyamikira pafunika kusamala. Kumuuza kuti "wafotokoza bwino chifukwa chimene kalulu ananamira" kumamuonetsa luso lake, pomwe "wachita bwino, n'zimene ndimafuna uzichita" kumamukumbutsa kuti akuwerengera bambo ake.