Tcheni cha njinga yamoto sichifuna kukungidwa ngati ng'oma

Kuno kwa Mwambo njinga yamoto ndiyo imanyamula pafupifupi chilichonse: matemba ndi milamba yochokera padoko la Kachulu, matumba a mpunga wa ku Likangala, odwala, ngakhalenso ife aphunzitsi tikamapita ku Zomba kukatenga malipiro. Inenso ndili ndi yanga, ndipo pokhala nthawi ndi anyamata a kabaza ndaona kuti ambiri amakhulupirira zoti tcheni chabwino ndi chokungika kwambiri. Chikhulupiriro chimenechi chikuwadyera ndalama.

Chifukwa chake nchosavuta kumva. Tayala lakumbuyo limakwera ndi kutsika pa mashoko. Mukakweza katundu, kumbuyo kumatsika, tayala limatalikirako pang'ono ndi sipuloketi yakutsogolo, ndipo tcheni chimakungika chokha. Ndiye ngati munachikunga njinga ili yopanda kanthu, mukasenzetsa dengu la nsomba ndi munthu pamwamba, tchenicho chilibenso poti chipumire. Bampu iliyonse imachikoka ngati chingwe cha ng'ombe yolusa. Chimatha msanga, chimadya mano a masipuloketi, ndipo chimawononga bering'i ya shafiti yotuluka m'injini, yomwe kuikonza kwake nkofuna kutsegula injini yonse. Mukamva kulira kwa "wiii" kumene kukukwera pamodzi ndi liwiro, kapena mukaona oilo akudontha kuseri kwa sipuloketi yakutsogolo, yambani mwakayikira tcheni.

Pa njinga zing'onozing'ono zomwe zadzadza kuno, tcheni chimayenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30, koma kabuku ka njinga yanu kakanena zina, tsatirani kabukuko. Imikani njinga pa sitandi yapakati, injini yozima, giya ili pa nyutulo. Gwirani tcheni chakunsi, pakatikati pa masipuloketi awiriwo, chikankhireni m'mwamba kenako pansi, ndipo muyeze ndi rula mtunda umene chayenda. Musayeze malo amodzi okha. Tcheni sichitha mofanana, choncho zunguzani tayala pang'onopang'ono mpaka mupeze pomwe chakungika kuposa pena paliponse. Pamenepo ndi pomwe muyeso uja uyenera kukwanira. Mukamaliza, wina akhale panjinga ndi katundu wake wa masiku onse, inu mukhudzenso tcheni. Chikhale chikusewerabe ndithu.

Pokunga, masulani nati yaikulu ya ekiselo yakumbuyo, ndi inanso yogwira mbali ya sipuloketi ngati njinga yanu ili nayo. Kumapeto kwa foloko, mbali zonse ziwiri, kuli timanati tokokera tayala kumbuyo. Tipotozeni pang'onopang'ono komanso mofanana, uku theka, ukonso theka, mukuyang'ana timizere tomwe tili pafolokopo. Mukakoka mbali imodzi yokha, tayala limapendekera ndipo tcheni chimadya m'mbali mwa mano. Mangani nati yaikulu ija molimba, muyezenso chifukwa kumangako kumasintha muyeso, ndipo muone buleki yakuphazi. Tayala likasunthira kumbuyo, buleki imatha kuyamba kugwira yokha.

Za kutsuka ndi kuthira oilo, vuto lathu ndi nthaka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, msewu wa ku Kachulu umakhala fumbi lokhalokha, ndipo m'dzinja matope a m'dambo amamatirira paliponse. Fumbi likasakanikirana ndi oilo limasanduka phala lonola, longa mwala wonolera mpeni. Nchifukwa chake kuthira oilo pa tcheni chakuda nkungowonjezera mavuto. Tsukani kaye ndi palafini ndi mswachi wakale, pukutani ndi kansanza, chiume. Petulo musagwiritse ntchito: amayaka msanga, komanso amawononga timphira ta tcheni chomwe chili nato. Ndipo chonde, injini izime. Kutsuka tcheni tayala likuzungulira ndi injini kwadula zala za anthu.

Oilo woyenera ndi wa giyabokosi, uja wolembedwa 90 pabotolo. Donthezani mkati mwa tcheni, mbali yokhudza mano, mukuzunguza tayala ndi dzanja, kenako pukutani wotsalira kunja. Ndi bwino kutero madzulo mutangofika, tcheni chikadali chofunda, kuti oilo alowe usiku wonse. Oilo wakuda wokhetsedwa m'injini, amene ambiri timamukonda chifukwa ndi waulere, ndi wopyapyala ndipo ali kale ndi tizitsulo. Girizi naye amangokhala pamwamba nkumaitana mchenga. Mabuku ambiri amati izi zichitike pa makilomita 500 aliwonse. Kuchokera ku Kachulu kufika ku Zomba ndi makilomita pafupifupi 30, ndiye amene amapita ndi kubwera kawiri patsiku amakwanitsa 500 asanathe masiku asanu. Mukawoloka madzi kapena matope, musadikire nkomwe. Chikava cha tcheni chija, chimene anyamata amachotsa ati chimasokosa, ndicho chimatchinga fumbi lambiri.

Tsono sipuloketi imasinthidwa liti? Mnyamata wina yemwe ndinamuphunzitsa Fomu 2, pano amanyamula nsomba, anabwera ndi njinga yake Loweruka lina. "Aphunzitsi, tcheni chikungogwa, pomwe ndachidula kawiri," anatero. Ndinamuuza kuti, "Tenga rula uyeze wekha, masamu ake ndi omwe aja." Pamalo pena chinkasewera mamilimita 15, atazunguza tayala theka chinafika 45. Tcheni chotere sichikungika: mukakonza uku, uko kwalakwika.

Kenako tinayeza kutalika. Tcheni cha njinga yake ndi cha nambala 428, chomwe kuchokera pa pini imodzi kufika pa inzake pamakhala mamilimita 12.7. Mukachikoka nkuwerenga mapini 21, chatsopano chimakwana 254. Chikafika cha m'ma 259, chatha. Chake chinali 261. Anthu amati tcheni chatanuka, koma chitsulo sichinatanuke ayi. Ndi mapini amene adyeka, aliyense pang'ono. Nchifukwa chake kudula sikuchiza kanthu: tcheni chimafupika, koma mipata yake ikadali yaikulu kuposa mano, ndiye chimakwera pamwamba pa mano nkudumpha. Wopanda rula achikoke kumbuyo kwenikweni kwa sipuloketi yaikulu. Chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, chatha.

Mano a sipuloketi yatsopano amakhala ofanana mbali zonse, nsonga yake yaphwatalala. Ake anali osongoka ngati minga, ena atapindika ngati mbedza. Titatsegula kachivindikiro kakutsogolo tinapeza zoipa koposa, ndipo sizodabwitsa: ya kutsogolo inali ndi mano 14, ya kumbuyo 42, kotero yaing'onoyo imazungulira katatu pomwe inzake yazungulira kamodzi. Poti ndi yobisika, ambiri saiyang'ana.

Iye ankafuna kugula tcheni chokha. Ndikumvetsa, ndalama ya kabaza imalowa madzulo nkutuluka m'mawa. Koma tcheni chatsopano pa mano opindika chimatha m'kanthawi kochepa, ndipo sipuloketi yatsopano pa tcheni chakutha nayo sikhalitsa. Zitatuzi zimasinthidwa pamodzi. Kutembenuza sipuloketi kuti mbali inayo igwire ntchito kungakufikitseni kunyumba, osati kumapeto a mwezi, ndipo tcheni chikaduka muli paliwiro chimatha kukola tayala kapena kuswa chikava cha injini.

Pogula, tengani zakalezo kusitolo, muwerenge mano ndi kufananitsa mabowo a mabawuti. Polumikiza tcheni chatsopano, kapanira ka pajoini kayang'anitse mutu wake wotseka komwe tcheni chikulowera, kuti kakakhudza chinthu kasavuke. Mukayenda masiku awiri kapena atatu yezaninso, chifukwa tcheni chatsopano chimayamba chalekerako pang'ono.