Musapereke makiyi asanakulipireni

Amisiri a kwathu amene akumanga nyumba ku Joni amawadziwa bwino mawu akuti "ndikupatsani mwezi ukatha". Komatu malamulo a ku South Africa amapatsa mmisiri womanga ufulu wogwira nyumba ngati chikole mpaka mwini wake atalipira. Ufuluwu salembetsa ku ofesi. Umakhalapo malinga ngati nyumbayo ikadali m'manja mwa mmisiri.

Tiyerekeze kuti munapangana R300,000, mwalandira R220,000, ntchito yatha, koma bwana akuzengereza ndi R80,000 yotsalayo. Musasamuke. Makiyi onse akhale ndi inu, geti likhale lokhoma, mlonda wanu agone pamalopo, ndipo mulembereni bwanayo kalata yomuuza kuti mwagwira nyumba chifukwa cha ngongoleyo. Khoti limafuna kuona kuti malowo mukuwalamulira ndinu tsiku ndi tsiku. Wilibala ndi makwerero zongosiyidwa pabwalo si umboni wodalirika.

Ambiri amagwa ndi ulemu. Bwana akapempha makiyi kuti alowetseko mipando, inu n'kupereka mwakufuna kwanu, chikole chathera pomwepo, ndipo simungachibweze pokathyola chitseko usiku. Ngongole ikhalapobe, koma mwatsala wongodandaula ngati wina aliyense. Zimasiyana bwanayo akadula loko wanu kapena kukuthamangitsani ndi anyamata. Pamenepo thamangirani kwa loya, chifukwa khoti lingathe kulamula mwachangu kuti akubwezereni malowo lisanayambe n'komwe kufunsa amene ali ndi ngongole.

Chikolechi chili ndi malire. Simuloledwa kugulitsa nyumbayo kapena kuikamo alendi. Ntchito yake n'kumupanikiza mwini, basi. Ndalama zenizenizo muyenera kukazisumira, ndipo musagone, poti ngongole yotere imafa pakatha zaka zitatu. Mwini nyumba angathenso kupempha khoti kuti apereke chikole china, monga kalata ya banki yotsimikiza kuti ndalama zilipo, inu n'kutulukamo mlandu ukupitirira.

Chimene chimandiwawa n'choti ambiri amataya ufuluwu asanaike ndi njerwa imodzi yomwe. Nyumba ikamamangidwa ndi ngongole ya kubanki, bankiyo kawirikawiri imafuna kuti mmisiri asaine pepala lovomera kuti sadzagwira nyumbayo. Werengani musanasaine, ndipo ngati n'kosapeweka, pemphani chitsimikizo cha malipiro m'malo mwake. Amenenso analembedwa ganyu ndi kontirakita, osati ndi mwini nyumba, ali pofooka, chifukwa pangano lawo silimumanga mwiniyo.

Womanga nyumba zatsopano zokhalamo ayeneranso kukhala m'kaundula wa bungwe la NHBRC. Mu 2014, pa mlandu wa Cool Ideas ndi Hubbard, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linakana kukakamiza mwini nyumba kulipira kampani imene inamanga isanalembetse, ngakhale kuti woweruza mkangano wawo poyamba anali atagamula kuti ilipidwe.