Kayalidwe ka Matebulo pa Phwando la Ukwati

Pa tchuthi chapitachi achemwali anga anakwatiwa, ndipo popeza kwathu amanditama kuti ndidziwa masamu, akuluakulu a komiti ya ukwati anandipatsa kope la mayina a alendo nati, "Iwe wa ku sekondale, tiuze matebulo akhale angati, ndiponso yani akhale pati." Ine ndinayesa kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Komatu inanditengera masiku anayi, ndipo panatsala pang'ono kuti ndichititse manyazi mtundu wathu wonse. Chotero ndati ndikufotokozereni, anzanga, m'mene ntchitoyi ichitikira, pakuti tsiku lina kopelo lidzagwera m'manja mwanu.

Choyamba dziwani kuti khadi si munthu. Ife tinatumiza makhadi oitanira 90, ndipo pa khadi lililonse tinapempha kuti atiyankhe pasanafike tsiku lakutilakuti. Pofika tsikulo, eni makhadi 62 anati adzabwera, 9 anapepesa, koma 19 anangoti zii. Wopupuluma akanakonza mipando 62 nagona tulo. Koma khadi limodzi lolembedwa kuti "Bambo ndi Mayi" ndi anthu awiri, ndipo lina lolembedwa kuti "ndi banja lonse" likhoza kukhala anthu asanu. Tsono ndinalemba mizere inayi m'kopemo: dzina, mbali yake kaya ndi yakuchimuna kapena yakuchikazi, ubale wake ndi akwati, ndi chiwerengero cha anthu amene akudza pa khadilo. Nditawonkhetsa ndinapeza kuti makhadi 62 aja anali anthu 118. Khanda lakumbuyo sindinaliwerenge, pakuti mpando wake ndi amake. Koma mwana aliyense woyenda yekha ndinamuwerenga.

Ovuta ndi aja osayankha. Musaganize kuti kukhala chete ndiko kukana. Munthu wa m'tauni akapanda kuyankha, kawirikawiri sabweradi. Koma mbale wa kumudzi sayankha chifukwa kwa iye funsolo ndi lachabe. Ayankhirenji za ukwati wa mwana wake yemwe? Tinawaimbira lamya amene tinatha kuwapeza, kwina tinatuma mnyamata pa njinga. Mwa 19 aja, 11 anati akubwera, onse pamodzi anthu 20. Atatu anati alephera. Asanu sitinamve kanthu, koma popeza anali abale enieni tinawawerengera anthu 10. Apa tinafika pa 148. Kenaka ndinakumbuka amene sapatsidwa khadi konse, ndiwo akwati eni ake, operekeza awo, makolo ndi ife ana a m'nyumba, anthu 20. Onse pamodzi 168.

Matebulo a mu holo imene tinabwereka anali aataliatali, a masentimita 240. Munthu kuti adye osagundana zigongono ndi mnzake afunika malo a masentimita 60, ndiye kuti anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, asanu ndi atatu pa tebulo. Inu mudziwa m'mene timapanikizanirana m'chipinda chathu chodyera muno; zimenezo ndi za ana asukulu, simungachitire apongozi. Kugawa 168 ndi 8 kupereka 21, ndipo ndinalemba 21 mokondwa. Koma mabanja sabadwa asanu ndi atatu asanu ndi atatu. Banja la anthu asanu mukaliphatikiza ndi lina la awiri patsala mpando umodzi, ndipo simungang'ambe mwamuna kwa mkazi wake kuti mudzaze mpatawo. Chifukwa cha mipata yotere matebulo anafika 22. Pamwamba pake tinaonjeza awiri opanda mwini, oyembekeza alendo odzidzimutsa, nakhala 24 ndi mipando 192.

Musanayambe kugawa anthu, pitani ku holo ndi chingwe choyezera, muone ngati matebulowo alowadi. Pakati pa tebulo ndi linzake pafunika mita imodzi ndi theka, kuti mipando yofulatirana ikankhidwe ndipo wonyamula mbale adutse. Pakati pa holo musiye njira yotakata, yosachepera mamita awiri, yochokera pakhomo kufika kutsogolo. M'menemo ndimo akwati alowera, ndimonso anthu avinira popita kukaponya ndalama pa nthawi ya perekaniperekani. Njirayo ikachepa, ovina agunda mipando ya odya, ndipo ambiri angokhala pansi osadzuka. Ikatero ndalama nazo zichepa.

Ndinajambula holoyo pa chikatoni chachikulu, ndi kuonetsa khomo, mazenera, malo a chakudya ndi poima zokuzira mawu. Kenaka ndinadula timapepala, kapepala kamodzi banja limodzi, ndi chiwerengero chake pakona. Ubwino wa timapepala ndi wakuti mungathe kutisuntha kambirimbiri osafufuta kanthu. Kutsogolo ndinaika tebulo la akwati ndi operekeza awo asanu ndi mmodzi. Kumanzere kwa njira ndinaika akuchikazi, kumanja akuchimuna, ndipo anzawo a akwati a kuntchito ndi a kutchalitchi ndinawaika chakumbuyo mbali zonse ziwiri.

Tsono apa ndi pamene ndinalakwa. Pa tebulo loyamba la mbali yathu ndinaika bambo ndi mayi pamodzi ndi abale awo a bambo, pakuti iwo ndiwo tinazolowera kuwaona m'tauni, ndiponso ndiwo anathandiza kwambiri pa ndalama. Amalume, alongo awo a mayi, ndinawaika pa tebulo lachinayi, popeza anali mwa aja asanu osayankha, ndipo kapepala kawo kanali komalizira kudulidwa. Madzulo amayi aakulu anawerama pa chikatonicho nandiuza kuti ndiwawerengere mayina. Nditafika pa tebulo lachinayi anagwira pakamwa.

"Iwe mwana, amalume ako wawaika kuti?"

"Pano, amayi. Koma ndi pafupi ndithu."

"Pafupi ndi yani? Mwini mbumba akhale kumbuyo kwa alendo pa ukwati wa mwana wa mlongo wake? Akanalowa, naona, natuluka osalankhula. Ndipo mawa nyumba ya mkulu wakoyo ikagwedezeka mukanapita kwa yani?"

Ndinasowa chonena. Ife ndife Achewa, ndipo kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Amalume ndiwo mutu wa mbumba, ndipo unkhoswe uchokera kwa iwo. Chotero tebulo loyamba linakhala la amalume ndi akazi awo, ankhoswe, bambo ndi mayi, ndipo abale a bambo anatsikira pa lachiwiri. Iwo sanadandaule konse, pakuti mwambowo audziwa.

Pamenepo ndinafuna kukonza mbali ya akuchimuna mofananamo, koma amayi aakulu anandiletsanso. Alamu anga ndi a ku Mzimba, kumene mwana ndi wa kuchimuna, ndipo kumeneko olemera pa nkhani ya ukwati ndi abambo aakulu, abambo aang'ono ndi azakhali. Mbali ziwirizo sizingayalidwe ndi muyeso umodzi. Tinatumiza timapepala tawo kwa azakhali a mkwati, ndipo iwo anatisanja okha usiku womwewo. Ichi ndicho ndikulangizani koposa zonse: mbali iliyonse isanjidwe ndi munthu wamkulu wa mbali yomweyo. Kope likuuzani kuti abwera angati, koma silidziwa kuti wamkulu ndani, kapena kuti ndani sadyera limodzi ndi mnzake.

Pakuti zilipodi zimene sizilembedwa. Azakhali aja anapatula amayi awiri apamitala, nawaika matebulo osiyana koma otalikira mofanana kuchokera kutsogolo, kuti pasakhale wonena kuti mnzake wakwezedwa. Ifenso tinali ndi abale awiri amene ali pa mlandu wa munda. Tinaika tebulo lina pakati pawo. Alendo osadya nkhumba, monga Asilamu ndi a mpingo wa Sabata, tinawakhazika moyandikana kuti operekera chakudya asasokoneze mbale. Ndiponso pali chipongozi. M'mabanja ambiri mkamwini sadya pamaso pa apongozi ake aakazi, ndipo mtengwa achita manyazi ndi apongozi ake aamuna. Ena masiku ano saumiranso mwambowu, koma ife tinaona kuti nkwabwino makolo asakhale pa tebulo la akwati. Tinawaika cham'mbali, kuti aone ana awo bwino koma asapenyane nawo maso ndi maso podya.

Za okalamba, ulemu wokha sukwanira, thupi lawonso liganiziridwe. Kutsogolo ndi malo aulemu, komanso ndi kumene oimba amakonda kuimika zokuzira mawu zawo, ndipo nkhalamba ikakhala pafupi nazo simva kanthu tsiku lonse koma phokoso. Tinapempha kuti zisunthidwire kumakona. Agogo tinawaika kumapeto kwa tebulo, kufupi ndi khomo lam'mbali, kuti akafuna kutuluka asadutse pakati pa khamu. Amuna achikulire tinawapatsa tebulo lawo ndi amayi achikulire lawo loyandikana nalo, pakuti kumudzi ndimo adyera. Pambali pa tebulo la amayiwo tinayala mkeka, ndipo isanakwane nthawi ya chakudya agogo awiri anali atatsika kale pampando natambalala. Ana tinawaika kufupi ndi khomo lalikulu pamodzi ndi mtsikana wamkulu wowayang'anira.

Pa matebulo sitinalembe dzina la munthu aliyense payekha, koma nambala ndi mawu monga "Ankhoswe ndi makolo" kapena "Anzawo a kuntchito". Ena mwa akulu sawerenga, ndipo munthu wamkulu sayenera kuzungulira holo kufunafuna dzina lake ngati mwana wofuna zotsatira za mayeso. Pakhomo tinaimika olandira alendo awiri, wina wa kwathu, wina wa kwa alamu, aliyense wodziwa nkhope za abale ake, ndi pepala la matebulo m'manja.

Kwatsala kunena za matebulo awiri opanda mwini aja. Ine ndinawakankhira onse kumbuyo kwenikweni, koma amalume atafika m'mawa wa tsikulo nayendera holo anati limodzi libwere kutsogolo, mzere wachiwiri, liyalidwe nsalu ngati enawo. Sindinamvetse, koma ndinanyamula. Mfumu ya kwathu inali itayankha kuti idzabwera, ndipo m'kope langa inalembedwa munthu mmodzi. Inafika ndi akazi ake ndi nduna ziwiri, ndipo pambuyo pake panalowanso abusa opuma amene anabatiza mkwati, amene sanali m'kope konse. Onsewo anawalondolera ku tebulo lija mosachedwa, nakhala ngati kuti tinawakonzera kalekale. La kumbuyo linadzaza ndi anyamata a m'mudzi amene anabwera ndi galimoto ya katundu, ndipo ine ndinadyera choimirira kukhitchini.