Keyala ya nyumba yopanda msewu

Wakabaza akamafunafuna nyumba ku Mtandire kapena ku Ndirande, amauzidwa kuti adutse pachigayo, akhotere kumanja pamtengo wa mango, kenako afunse. Nanga mtengowo ukadulidwa? Nanga ngati ndi ambulansi yomwe ikufuna mayi wodwala pakati pa usiku?

Mu 2014, akatswiri a Google ku Zurich anatulutsa njira yaulere yotchedwa Plus Codes. Njirayi imatenga manambala awiri ataliatali osonyeza pomwe malo ali padziko, n'kuwafupikitsa kukhala zizindikiro khumi zokha.

Malo ena mumzinda wa Lilongwe ali pa -13.9833, 33.7833, ndipo khodi yake ndi 5GRM2Q8M+M8. Zizindikirozi zimawerengedwa ziwiriziwiri. Ziwiri zoyamba zimaloza chigawo chachikulu cha dziko lapansi. Zotsatira zimachepetsa malowo kufika pa makilomita pafupifupi 110 mbali zonse, kenako 5.5, kenako mamita 275. Ziwiri za pambuyo pa + zimafika pa kabwalo ka mamita 14, komwe n'kokwanira kuti mlendo aone khomo. N'chifukwa chake makhodi a nyumba zoyandikana amafanana koyambirira n'kusiyana kumapeto.

Okonzawo anaganiziranso munthu wolemba papepala. Anasankha zizindikiro 20 zokha, n'kusiya 0, 1 ndi zilembo monga A, E, I ndi O, kuti zisasokonezeke ndiponso zisapange mawu otukwana.

Kupeza khodi n'kosavuta. Munthu amaima pakhomo, n'kutsegula Google Maps, n'kudina kadontho kabuluu kosonyeza pomwe ali. Pamatuluka 2Q8M+M8 Lilongwe, zizindikiro zinayi zoyamba zitachotsedwa. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Akatumiza khodi yofupikitsidwayo osalemba dzina la tauni, foni ya wolandira imangosankha malo a khodi yotero omwe ali kufupi ndi iye, poti zizindikiro zomwezo zimabwerezedwa pa makilomita 110 alionse. Wa ku Blantyre angathe kulozeredwa kuthengo la m'chigawo chakummwera.

Vuto lina n'kutengera khodi m'nyumba. Denga lamalata limatchinga masetilaiti, ndipo kadontho kaja kamazunguliridwa ndi mkombero waukulu wabuluu wotuwa. Mkomberowo ukakula, khodiyo ingakhale ya neba. Ndi bwino kutuluka panja n'kudikira kuti uchepe.

Ku Kolkata ku India, bungwe la Addressing the Unaddressed linakhoma zikwangwani za makhodiwa pamakomo a m'makomboni, anthu n'kuyamba kulandira makalata ndi kutsegula maakaunti kubanki. Ku Utah ku Amerika, anthu a mtundu wa Navajo anawagwiritsa ntchito polembetsa mavoti.

Komabe khodi imangonena pomwe nyumba ili, osati njira yopitira. Siidziwa kuti mlatho unakokoloka kapena kuti kanjira kamene kali pamapu kanatsekedwa ndi mpanda. M'nyengo ya dzinja, wotumiza khodi awonjezere mawu onena mbali yomwe njinga yamoto ingadutse.