Kakazingidwe ka Nyama ya Soya: Madzi, Moto ndi Nthawi

Nkhani ya lero ya zophikaphika ikuchokera ku Kaporo, m'boma la Karonga, m'mbali mwa msewu wopita ku malire a Songwe. Kumeneku ndi kwao kwa mpunga, nthochi ndi chinangwa, ndipo ndiwo yodalirika ndi nsomba za m'Nyanja ya Malaŵi. Koma m'miyezi yachisanu mphepo ya mwera ikaomba, asodzi amakhala masiku angapo osapita pamadzi, usipa nkukwera mtengo. Pa masiku otere mabanja ambiri, ku Kaporo ngakhalenso m'maboma ena, amathamangira kugolosale kukagula paketi ya nyama ya soya.

Dandaulo la ophika ambiri ndi limodzi. Akuti nyama ya soya imamwa mafuta ochuluka koma imatuluka m'chiwaya ili wofuwofu, ana nkumaikankhira pambali pa mbale. Apo ndiye kuti mafuta apita, makala apita, ndiwo nayo yatsala. Chikhalirecho vuto silikhala m'paketi ayi. Likhala pa zinthu zitatu: madzi otsalira m'kati mwa nthuli, ukali wa moto, ndi kutalika kwa nthawi imene nthulizo zakhala m'chiwaya.

Mdani woyamba ndi madzi

Nyama ya soya amaipanga kuchokera ku ufa wa soya umene auchotsa kale mafuta. Ufawo amaukanya, nkuupanikiza m'makina otentha kwambiri, ndipo potuluka umafufuma nkuuma uli ndi timibowo tambirimbiri ngati chinkhupule. Luso limeneli lidayamba kufala ku Amereka m'zaka za m'ma 1960. Pafupifupi theka la kulemera kwa nthuli youma ndi chakudya chomanga thupi, nchifukwa chake imalowa bwino m'malo mwa nyama kapena nsomba. Koma timibowo tija ndito timabweretsa ntchito kwa wophika, pakuti nthuli ikaviikidwa imamwa madzi olemera kawiri kapena kuposa kulemera kwake.

Madzi amawira akafika pa madigiri 100, ndipo pamoto wa m'khitchini sapitirira pamenepo, amangosanduka nthunzi. Koma kuti chakudya chifiire ndi kuchita kankhoko kokukuta, kunja kwake kumafunika kutentha kopitirira madigiri 140. Tanthauzo lake nlakuti malinga ngati kunja kwa nthuli kuli konyowa, nthuliyo siikukazingika ayi, ikungophikika ndi nthunzi yake yomwe. Amayi onse amadziwa kuti nkhoko za nsima zimachita pansi pa mphika pamene pauma, osati pamwamba pamene pali nthunzi. Nkhoko ya nyama ya soya imatsata lamulo lomwelo.

Kuviika ndi kufinya

Nachi chitsanzo cha banja la anthu asanu. Wophika atenge makapu awiri a nthuli zouma, amene ndi pafupifupi magalamu 100. Aziike m'mbale yakuya, nkuthirapo madzi owira okwanira kuzimiza, ndi kasupuni kamodzi ka mchere. Mcherewu uyenera kulowa pa nthawi imeneyi, chifukwa nkhoko ikachita sumalowanso m'kati. Ngati paketiyo ndi ya nthuli zothira kale zokometsera, mchere auchepetse. Nthulizo zikhale m'madzi mphindi 10, kapena 15 ngati zili zikuluzikulu. Poyesa, aphwanye imodzi ndi zala: ikakhala ndi kamtima kolimba pakati ndiye kuti sinakwane, ndipo kamtimako kadzakhala ngati mwala m'kamwa. Zazikulu kuposa mutu wa chala chachikulu azidule pakati.

Akatero akhuthulire nthulizo m'sefa ndi kuzitsira madzi ozizira kuti manja asapse. Tsono afinye pang'onopang'ono, dzanja limodzi pa nthawi, kapena azikulunge zonse m'kansalu koyera nkupotokola. Pa makapu awiri aja pamatuluka madzi ofika theka la kapu, mwinanso kuposa. Muyeso wake ndi uwu: nthuli ikafinyidwa pakati pa zala ziwiri isadonthe, koma ikasiyidwa ibwerere m'maonekedwe ake. Yoti yaphwatalala osabwereranso ndiye kuti yafinyidwa mopyola, ndipo pokazinga imauma gwa mpaka m'kati. Pomaliza aziyale pa lichero kwa mphindi zisanu kuti mphepo iumitse kunja kwake. Mphindi zimenezi sizitayika pachabe, ndi nthawi yokonzera moto.

Moto ndi mafuta

Pambaula pamafunika makala amene ayaka onse nkuchita phulusa loyera pamwamba, osati amene akuyamba kumene kugwira moto. Chiwaya chochindikala chiposa chopyapyala, chifukwa chimasunga kutentha pamene nthuli zozizira zagweramo. Wophika atenthetse chiwaya chouma poyamba, kenaka athiremo masupuni aakulu anayi a mafuta, ongokwanira kuphimba pansi ponse.

Kutentha koyenera kwa mafuta ndi madigiri 170 mpaka 180, koma wophika sasowa chipangizo choyezera. Aponyemo nthuli imodzi ndi kutchera khutu. Ikangokhala chete, mafuta sanatenthe. Ikayamba kulira nthawi yomweyo, tithovu nkuizungulira, mafuta akwana. Mafuta akamafuka utsi ndiye kuti apyola, chiwaya achiphule kaye pang'ono. Chifukwa chake nchakuti m'mafuta otentha bwino, nthunzi yotuluka m'nthuli imakankha mafuta kuti asalowe msanga m'timibowo tija. M'mafuta ofunda chabe nthunzi imakhala yofooka, ndipo chinkhupule chija chimangomwa. Apa ndi pamene pagona yankho la dandaulo lija: moto wozizira ndiwo umatha mafuta.

Ku Kaporo kuli mitengo ya kanjedza wa mafuta, ndipo anthu amayenga okha mafuta ofiira otchedwa mawese. Mafuta amenewa amakazinga bwino ndipo amapatsa nthuli mtundu wokongola, koma popeza sanayeretsedwe kufakitale, nthawi zina amakhala ndi timadzi ndi tizitsotso. Wophika awatenthetse pang'onopang'ono kufikira thovu ndi kuthetheka zitaleka, ndipo moto ukhale wapakati, pakuti amafuka msanga kuposa mafuta a m'botolo. Akumbukirenso kuti kufiira kwa mawese kumanamiza maso: nthuli imaoneka yakupsa isanapse, kotero khutu ndi mthiko ndizo zimuuze zoona.

Mphindi za m'chiwaya

Nthuli ziyalidwe mzere umodzi, popanda ina kukwera inzake, ndipo pakati pake pazioneka pansi pa chiwaya. Makapu awiri aja, atafufuma, sakwana ulendo umodzi m'chiwaya cha pakhomo. Agawidwe pawiri, ndipo ulendo wachiwiri ungafune supuni ina imodzi ya mafuta. Kuthira zonse pamodzi kumazizitsa mafuta, madzi nkudikha pansi, kukazinga nkusanduka kuwiritsa. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo maulendo awiri a mphindi 10 aposa ulendo umodzi wa theka la ola wotulutsa ndiwo yolobodoka.

Kwa mphindi zitatu kapena zinayi zoyamba wophika asagwedeze kanthu. Nthuli yonyowa imakakamira chiwaya, koma nkhoko ikachita imadzimasula yokha. Amene amatakasa msanga amang'amba kankhoko kongoyamba kumene, nkukasiya pansi pa chiwaya kuti kapserere. Mphindizo zikatha ayese imodzi ndi mthiko. Ikasuntha mosavuta ndipo pansi pake pafiira, atembenuze zonse. Mbali yachiwiri imatenga mphindi zitatu. Kenaka azitakasa kawirikawiri kwa mphindi zina ziwiri kapena zitatu kuti m'mbali namo mufiire. Zonse pamodzi zimakhala mphindi 8 mpaka 10.

Chiwaya chimanena chokha nthawi yophula. Poyamba chimalira mokweza chifukwa madzi akutuluka ambiri. Madzi akamatha kulirako kumatsika, thovu limachepa, ndipo nthuli zikagundana ndi mthiko zimamveka gobedegobede ngati mtedza wokazinga. Imeneyo ndiyo nthawi yake. Kudikira mpaka chiwaya chitakhaliratu chete nkulakwa, pakuti apo madzi am'kati atheratu, mafuta ayamba kulowa, ndipo nthuli imalimba mosatafunika. Nthuli yabwino imakukutika kunja koma m'kati ikadali yofewa.

Pophula aziyale pa sefa kapena pa mbale yotakata, osavundikira. Chivundikiro chimabweza nthunzi ndipo nkhoko imafewa m'kanthawi kochepa.

Nanga tofu?

Tofu ndi chakudya china cha soya, chochokera ku China, chimene sichipezeka kawirikawiri m'magolosale a kumudzi. Amachipanga powiritsa mkaka wa soya ndi kuuthira choudula, monga madzi a mandimu, kenaka nkupanikiza zoundanazo m'nsalu. Tofu safinyidwa ndi manja chifukwa amanyenyeka. Wophika amudule m'mapisi ochindikala ngati chala, awakulunge m'nsalu yoyera, asanjikepo mbale yafulati, nkuikapo cholemera ngati kilogalamu imodzi kwa mphindi 20 mpaka 30. Akatero adule timabokosi, awaze mchere, ndi kutigubuduza mu ufa wosefa wa chinangwa, supuni imodzi kapena ziwiri. Ufawo uthiridwe chiwaya chitatentha kale, chifukwa ukakhalitsa umanyowa nkuchita phala. Mbali iliyonse imafuna mphindi zitatu kapena zinayi, ndipo potembenuza pafunika dzanja lofatsa. Kumalo otentha ngati Kaporo, tofu wosasungidwa m'firiji aphikidwe tsiku lomwelo. Akayamba kuterera kapena kununkha chowawasa atayidwe.

Kuzindikira cholakwa ndi kumaliza ndiwo

Nthuli yotuwa ndi yodontha mafuta imasonyeza moto wochepa kapena chiwaya chodzaza. Yakuda kunja koma yamadzi m'kati imasonyeza moto waukali ndi kufinya kosakwana. Ikamawawa, kawirikawiri ndi zokometsera zimene zapserera. Nchifukwa chake adyo, kale ndi ufa wa m'kapaketi kokometsera siziyenera kulowa poyamba. Mafuta akamathetheka nkudumphira wophika, madzi achuluka. Ndipo mafuta akagwira moto, avundikire chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo. Asathirepo madzi, chifukwa motowo umalumpha.

Msuzi uphikidwe nthuli zili pambali. M'mafuta otsala m'chiwaya akazinge anyezi mmodzi, athire tomato atatu ndi zokometsera, nkudikira kuti tomato apse ndi kulemerera. Mpunga kapena kondowole zikakhala zakonzeka ndipo anthu asamba m'manja, ndipo pamene nthuli zibwerere m'chiwaya, kwa mphindi imodzi yokha. Zikawira m'msuzi kwa mphindi 10 zimamwanso madzi, ntchito yonse yofinya ija nkupita pachabe. Banja lofuna kumva kukukutika kwenikweni lingathe kupakula msuzi paokha, nthuli paokha, aliyense nkumasakaniza m'mbale mwake.